Denga Langa ndi Chithunzi cha Boyd

Udzu wa pa nyumba yanga unali utawola, makamaka pamwamba pa bedi. Zipupa ndi za njerwa zosawotcha, ndipo njerwa yotere ikamwa madzi imabwerera kukhala dothi. Chaka chatha nyumba ya a Delia, oyandikana nane, inagwa ine ndikuona, chifukwa anasasula denga mvula ili pakhomo. Ndinawachenjeza, koma ndani amamvera nkhalamba?

Udzu watsopano tinali nawo, mitolo itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango. Ofolera, a Abson, anati ntchito ndi ya masiku awiri, tingowauza tsiku. Unali mwezi wa Novembala, kumwamba kukungonamiza anthu.

Lolemba mwana wanga Boyd, amene amayendetsa alendo odzaona nyama ku kampu ya ku Nkwali, anatumiza chithunzi cha zanyengo pa foni ya Lillian, mdzukulu wanga wamkulu. Ine sukulu sindinapondeko, ndiye ndinangoona timadzuwa ndi timitambo tandandalikana.

"Ambuya, mzere uliwonse ndi tsiku," anatero Lillian. "Nambala iyi ndi kutentha kwa masana, iyi ya pakadontho ndi mwayi wa mvula. Mawa Lachiwiri kutentha 42, mvula 10 peresenti. Lachitatu 37, mvula 20. Lachinayi 35, mvula 30. Lachisanu 29."

"Lachisanu lomwelo, kozizirako," ndinatero.

A Abson anaseka mpaka kutsokomola. "Amai, kuzizira kwa mwezi uno kumabwera ndi mwini wake. Werenga inayo, Lillian."

"Mvula 80 peresenti."

Kenako ndinafunsa za 30 uja, ngati ndiye kuti igwa yochepa.

"Ayi, Ambuya. Sakunena kukula kwa mvula. Akuti pa masiku khumi ooneka chonchi, atatu imagwa. Ikhoza kukhala yowaza, ikhoza kukhala yamkuntho."

"Nanga atatuwo mukuwadziwa nkhope?"

"Palibe amawadziwa."

A Abson anafuna kuyamba mawa lomwelo, m'mamawa, n'kutsika dzuwa likakwera. Ndinakana. Munthu wa imvi ngati iwo pamwamba pa denga, dzuwa la 42? Kuno kuchigwa dzuwa limagwetsa munthu ali pansi, nanji ali pa phaso. Ndinati sindifuna maliro pakhomo panga chifukwa cha udzu. Anang'ung'udza kuti ndikutayitsa tsiku louma, koma tinagwirizana Lachitatu ndi Lachinayi.

Lachiwiri linadutsa popanda ndi kamtambo komwe. A Abson popita kudimba anafuula ali pamsewu: "Mwaswera bwanji, amai? Denga likupumula bwino?"

Madzulo ake mphepo inatembenuka. Ndinauza Lillian kuti ayang'anenso pa foni.

"Ndi chomwe chija, Ambuya. Chithunzi sichisintha. Boyd anachijambula dzulo, chimanena zomwe ankaganiza dzulo."

"Ndiye thambo layenda, icho chili chikhalire? Muuze ajambule china."

"Mukundithera mabando a intaneti, Ambuya."

"Bando ndi nyumba, chachikulu n'chiti?"

Chatsopano chinafika Lachitatu m'mawa, a Abson atatsamiritsa kale makwerero. Lillian anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Lero sizinasinthe, 37 ndi 20. Koma mawa 30 uja wafika pa 70."

A Abson anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana nkhuku. Tsiku louma linali litatsala limodzi, ntchito ili ya awiri.

"Tisasula mbali imodzi yokha," anatero a Abson. "Imene tingathe kutseka lero. Sankhani, amai."

Ndinasankha ya kuchipinda, kumene kuli bedi ndi matumba a chimanga. Anakwera ndi mlamu wawo Harvey, Lillian akuponya mitolo. Ine ntchito yanga inali madzi ndi pakamwa. Imwani. Valani chipewa. Phaso ilo lafumbwa, musapondepo. Masana ndinawatsitsa mokakamiza kuti akhale pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka, Harvey n'kumati ndikanakhala kapitawo wa msewu anthu akanathawa ntchito. Dzuwa likulowa anamanga pamsonga, pokumana udzu watsopano ndi wakale, ndipo mitolo yotsala tinaifunditsa tenti yobwereka kutchalitchi.

Lachinayi kunacha bwinobwino. Harvey anabwera kudzatiseka kuti foni yanama, tikanamaliza. Ndinamuuza asakhudze ngakhale kaudzu kamodzi. Itangopitirira nthawi ya chakudya chamasana kunada cha kumapiri, ndipo inagwa yamphamvu mpaka madzi kuyenda pabwalo.

Ndinalowa kuchipinda n'kupapasa chipupa, bedi, matumba. Zonse zouma. Kuchipinda chochezera kunkadontha malo akale omwe aja, ndipo ndinatcherako beseni ndi ndowa.

A Abson akuti mbali yotsalayo adzafolera akapeza masiku awiri ouma otsatana. Ndamuuza Lillian kuti Boyd azitumiza chithunzi m'mawa uliwonse, osati cha dzana. Lillian akuti ndikuvutitsa. Beseni likadali pomwepo.