Ufa wa Inai Kuseri kwa Khutu

"Amayi, kodi azakhali Rosnah afa?" Anandifunsa choncho mwana wanga Suraya ali wamng'ono, ataona nkhope ya mchemwali wanga itatupa mpaka maso kutsekeka chifukwa cha mankhwala odetsa tsitsi. Mchemwali wangayo anachira, koma ine sindinayerekezenso kukhudza imvi zanga.

Ukwati wa Surayayo utayandikira, mnansi wanga Zaiton anabwera ndi ufa wa masamba a inai, chitsamba chomwe anthu amasinthira mtundu wa tsitsi.

"Mukufuna apongozi akuyeseni agogo a mkwatibwi?" anandiseka. "Inai saphimba mutu wonse ngati phula. Imvi zimafiira ngati mkuwa, tsitsi lakuda limangowala, ndipo zikamamera zina sizionekera kwambiri."

Ndinavomera, koma ndinati tiyambe tayesa pang'ono kuseri kwa khutu. Posakhalitsa khungu linada bii, pomwe inai weniweni amasiya kufiira. M'mawa mwake panali matuza, pakuyabwa ngati moto. Ndinangokhalira kugwiragwira zikope, kumva ngati zayamba kulemera.

Ndinapita kwa Zaiton. "Achemwali, ufa uja munautenga kuti?"

Atayang'ana khutu langa, anakhala pansi pa makwerero a nyumba. "Kumsika. Anati ndi inai wakuda, wogwira msanga, kani anathiramo mankhwala. Mayo ine, ndikanakupakani mutu wonse!"

Kenako analoza chitsamba cha inai cha kuseri kwa khitchini yake.

"Khutu likapola, tikathyole limodzi masamba, ndisinje inu mukuona."

"Ndipo tidzayesanso kaye," ndinatero.

"Tidzayesa. Pakangoyabwa, nanenso ndibwera ku ukwatiko ndi imvi zanga."