Chinsalu cha pa Shopu ya a Latif

Vinsenti anaphunzira yekha kulemba zikwangwani, pa makatoni otayidwa mumsika wa Linthipe, ndi penti wotsalira m'zitini za eni. Tsopano nyengo ikasintha, a Latif, ogulitsa mbewu ndi feteleza m'mbali mwa msewu, ankamuitana kudzalemba mawu atsopano pachinsalu cha pakhonde la shopu yawo.

Pakhonde lomwelo ndi pamene amayi ake, a Jestina, ankatula dengu la mbatata ya kachewere tsiku la msika akatsika ku Mphunzi. Kuwerenga sankadziwa, koma wogula aliyense ankamulozera m'mwamba: "Dzanja la mwana wanga ilo." Vinsenti ankakhala nawo pamenepo, akukukuta chimanga chootcha, kumva za kumudzi.

Nthawi yokolola mwambi unagwira ntchito. A Latif ankagulitsa mankhwala a anankafumbwe, ndipo Vinsenti analemba theka chabe la mwambi wonena za kusunga. Theka linalo anthu ankamaliza okha akuseka, ngakhale osawerenga, akangomva wina wauyamba. Mankhwala anatha psiti.

Mitambo itayamba kuunjikana pamwamba pa mapiri, a Latif anafunanso mwambi. Anasankha uja wodzudzula munthu wochedwa, kuti alimi agule mbewu msanga. Vinsenti anaulemba ndi penti wofiira, theka lokha ngati kale.

Andalama zawo anabweradi msanga. Koma ku Mphunzi mwambi umenewo uli ndi eni ake. Amaunena okhuta, kunena amene amadzala mochedwa chifukwa mvula yoyamba imawapeza akulima ganyu m'minda ya okhuta omwewo.

Tsiku la msika a Esitere ogulitsa kabichi anauwerenga mokweza. Amuna amene ankamangirira matumba a feteleza panjinga anaumaliza, phwete kuseka.

"Walemba zimenezo ndani?" anafunsa a Jestina.

"Dzanja la mwana wanu ilo," anatero a Esitere.

A Jestina anasenza dengu, kuwoloka msewu, kukakhala padzuwa pafupi ndi pokwerera minibasi. Vinsenti anawatsatira.

"Amayi, bwererani pamthunzi. Ndi mawu amalonda chabe aja."

"Pamthunzi ndi pa ochangamuka. Ochedwafe malo athu ndi ano."

"Sindinkanena inu."

"Unkanena ndani? Ganyu wondichedwetsayo ndi amene unakulira iwe. Choka, ukundithawitsira makasitomala."

Misika inadutsa. Amayi a ku Mphunzi, mmodzimmodzi, anasamukira tsidya lomwelo. Vinsenti ankaima pakhonde n'kumaona amayi ake pakati pa malole odutsa, atafunda chitenje kumutu chifukwa cha dzuwa, akuseka ndi anthu ena. Sankadziwanso ngati denga la kwawo lafoleredwa, kapena mbuzi yake yaswa. Chimanga ankagulabe, n'kumachigwira mpaka kuzizira.

Tsiku lina anangolowa m'shopu osapereka ndi moni yemwe.

"A Latif, chinsalu chija chitsike."

"Iwe, wadya chiyani lero? Mwambi si wanga, ndi wa makolo. Kuuza mlimi kuti adzale msanga ndi mlandu?"

"Mukuganiza sakudziwa? Mukuganiza amachedwa ndi tulo? Munthu alimire mnzake, kenako mnzakeyo adzamuseke pakhonde panu, ndi zilembo zanga!"

"Mbewu ikuyenda, mwanawe."

"Ikuyenda kwa amene akanagula ngakhale mukanapachika thumba lopanda kanthu. Nanga awo?"

Analoza mapaketi aang'onoang'ono a mbewu amene anali lende pamsomali, fumbi lokhalokha. Ogula ake anali tsidya la msewu. A Latif anayang'ana mapaketiwo nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Chabwino. Tiikepo mwambi uti?"

"Palibe."

"Chinsalu chopanda mwambi? Anthu aziyesa ndi pachipatala."

"Aziyesa."

Vinsenti anatsitsa chinsalucho, kuchipaka penti woyera, chitauma n'kulemba kuti: Mbewu yocha msanga ilipo. Mapaketi aang'ono aliponso. A Latif anawerenga, kupukusa mutu, koma anamugwirira makwerero pochipachika.

Msika wotsatira palibe amene anaseka pakhondepo, palibenso amene anamaliza kanthu. Amayi awiri a ku Mphunzi anawoloka, kufunsa za mbewuyo, kugula. A Jestina sanasunthe. Dzuwa litafika pamutu Vinsenti analephera kupirira, anawoloka yekha.

"Ndamva wafufuta," anatero amayi ake, maso ali pa kachewere amene ankaunjika m'milu.

"Eya."

"Pano pakuti chiyani?"

Anawauza.

"Basi? Zosakoma n'komwe m'kamwa."

"Mubwerera?"

"Makasitomala anga azolowera kuno."

Vinsenti anayang'ana khonde lija, mthunzi wonse uli mbee wopanda munthu. Anati atembenuke azipita, koma amayi ake anakoka dengu, kusiya kampata pathumba limene anakhalira.

"Khala pansi, watalikitsa ngati mlongoti. Mbuzi yako yaswa awiri."