Pini Inagwera pa Mapeyala

Ntchito inali imodzi yokha: kuonetsa wodula mitengo bulugamu amene mizu yake ikung'amba khoma la nyumba ya amayi. Ine ndinali kuntchito, amayi anali kuchipatala, ndiye ndinatuma mchimwene wanga wamng'ono, amene timamutcha Injiniya chifukwa palibe chimene sadziwa. Pabwalopo mitengo ndi iwiri basi. Winawo ndi wa mapeyala, umene malemu bambo anadzala chaka chimene anakwatira amayi, ndipo amayi salola munthu kuthyolapo ngakhale tsamba.

Masana nditafika, ndinapeza bulugamu ali chilili, mtengo wa mapeyala uli pansi. Mtima unandipsa.

"Bambo inu, mwachita chiyani?"

Wodula mitengo anazimitsa makina ake n'kundionetsa foni. "Mayi, musandikalipire ine. Achimwene anu anayamba atumiza laivu lokesheni, ija imayenda ndi mwini foni. Akuti aima pa mtengo. Ndili m'njira ndikuona kadontho kawo ka pa mapu kachokapo, kali uku, kali uko. Ndinawaimbira kuti mtengo suyenda, tumizani pini yokhazikika. Anatumiza, nati mtengo waukulu umene uli pa pinipo, geti ndi yosatseka. Pini yake ndi iyi."

Inalidi pa mapeyala penipeni.

Injiniya anatulukira pa geti atameta bwino, akununkhira.

"Iwe, pini unatumiza uli pati?"

"Pompano, achemwali."

"Pompano pati?"

"Pa sofa. Kunja kunali dzuwa."

Pa sofa! Pansi pa malata! Ndinamulanda foni n'kulowa nayo pabalaza. Kadontho kabuluu kanali mkati mwa chibwalo chachikulu chomeza nyumba ndi mitengo yonse iwiri, ndipo foniyo inachita kulemba yokha kuti ingaphonye ndi mamita makumi atatu. Mitengoyo yatalikirana mapazi khumi okha.

"Sunawerenge izi? Sukulu yonse ija?"

"Ndimayesa GPS sinama."

Wodula mitengo anaima pakhomo. "Ngakhale panja poyera imaphonya ndi mamita angapo. M'nyumba ndiye imangolota."

"Ndiye mumadziwa!" Ndinamutembenukira. "Mumadziwa, koma osafunsa kuti ndi mtengo wanji? Safunsa anadya phula, bambo! Pini imakufikitsani pakhomo, siikusankhirani mtengo!"



Ndikali kukalipa, geti inalira. Amayi analowa pang'onopang'ono ndi kapepala ka mankhwala m'manja. Anayang'ana nthambi, anayang'ana chitsa, n'kupita kukachigwira pamene panali ponyowabe. Ndinkafuna akalipe, atukwane, amumenye Injiniya ndi nsapato, kuti mkwiyo wangawu upeze mnzake.

Anakhala pa chitsapo n'kufunsa wodula mitengo mwaulemu, ngati akufunsa za munthu: "Bambo, unavuta kugwa?"