Chigayo cha Mamiliyoni Anayi

Tamara Kamphinda ndiye ankawerengera chuma cha kopaletivi ina ya alimi a mpunga ku Bwanje, ndipo chaka chimenecho mabuku ake ankaonetsa phindu loposa zaka zonse. Mamembala anali atamva kale. Ena anali atauziratu amisiri kuti adzawakhomere malata.

Tsiku logawana litayandikira, a Saidi, makaniko wa gululo, anamuitanira m'chigayo chopunthira mpunga.

"Tatcherani khutu, mayi," anatero atagwira injini. M'kati mwa phokosolo munkamveka kugogoda. "Chatha ichi, injini ndi zonse. Sichimaliza zokolola za chaka chino."

Tamara sanade nkhawa msanga. Chigayocho anachigula mamiliyoni anayi zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, ndipo chaka chilichonse ankachotsa pa phindu gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengowo, la kutha kwa makina, n'kukasunga kubanki. Anaimbira foni ogulitsa zigayo ku Lilongwe.

"Mamiliyoni makumi atatu," anayankha wogulitsayo. "Ndi mtengo wa lero umenewo. Za mawa ifunseni kwacha."

Tamara anatsegula mabuku ake. Kubanki kunali mamiliyoni atatu ndi kakumwamba. Anabwerezanso masamu ake, akulakalaka atapeza pomwe analakwitsa, koma panalibe. Ndalama zopunthitsa mpunga zinkalowa pa mitengo ya lero, pomwe kutha kwa chigayo ankakuwerengera pa mtengo wakalekale. Zotsalazo ndiye ankazitcha phindu. Zaka zonsezi mamembala ankagawana chigayo chawo chomwe, chidutswachidutswa, akuwomba m'manja.

Pa msonkhano Tamara anaimirira n'kupempha kuti phindu lisagawidwe.

"Mukutanthauza kuti mabuku akunama?" anafunsa a Zakeyo, wapampando.

"Sakunama, bambo. Akunena mtengo wa tsiku limene tinagula. Kwacha ya nthawi imeneyo si ya lero."

"Nanga a oditala, ofufuza mabuku aja, sanasaine?"

"Anasaina. Kalembedwe kake n'kovomerezeka. Koma ngakhale titaphatikiza phindu lonseli ndi zakubanki, sitifika theka la chigayo chatsopano."

"Wadya ameneyu!" anakuwa wina kumbuyo. Mabenchi anakwekwereka. Anyamata awiri anakaima pakhomo, ndipo Tamara anayang'ana zenera, akuyeza ngati angakwanepo. A Zakeyo anamenya tebulo mpaka anthu anakhala pansi, kenako analamula kuti onse apite kuchigayo akadzimvere okha.

Anamva kugogoda kuja, koma theka la phindu anagawanabe. Tamara anamuchotsa pa udindo tsiku lomwelo, ndipo kwa milungu ingapo ankapita ku Misa ku Mua moperekezedwa ndi mlongo wake.

Chigayo chinaima mu Julayi. Mavenda anafika ndi masikelo awo, n'kugula mpunga wosapuntha pa mtengo umene anafuna okha.