Bowo Loyamba la a Goodman

Pepala la malangizo ndinalemba ndekha, n'kulimata pakhoma la chipinda chophunziriramo ntchito zamanja. Linali lalifupi. Usanabowole, usanacheke, usanapale ndi tupa, pana chinthucho kaye. Chitsulo chochindikala chimange mu vayisi, chopanira chachikulu cha patebulo, ndipo cheka pafupi ndi pomwe vayisi yagwira kuti chisanjenjemere. Lata likhale pamwamba pa thabwa, zonse uzipane ku tebulo la makina ndi chopanira. Osagwira ndi dzanja, ngakhale bowo likhale laling'ono motani.

Ana anga a Fomu 3 ankalidziwa pamtima, chifukwa ndine munthu wosachedwa kupsa mtima. Wogwira lata ndi dzanja ndinkamutulutsa, akagwire khasu kumunda wa sukulu. Ankanditcha a Pana Kaye, ndipo ankaganiza kuti sindidziwa.

Mu 2001, magetsi atangofika pasukulu pathu, tinalandira makina obowolera oima ngati munthu. A hedi anakonza mwambo, naitana makolo. Bowo loyamba anati abowole wapampando wa komiti ya sukulu, a Goodman, bambo wake wa Zelifa wa m'kalasi mwanga. A Goodman ankakonza njinga pamsika kuyambira ine ndisanamere ndevu. Njinga zonse zonyamula nkhuni kuchokera kuphiri la Michesi zinkadutsa m'manja mwawo, ndipo banja lawo lonse linkadya za manja omwewo.

Ndinali nditadula kale chidutswa cha lata. Ndinatenga thabwa ndi chopanira kuti ndimange, koma iwo anandikankha pang'ono dzanja, akuseka.

"Aphunzitsi, zimenezo siyirani ana. Ife zitsulo timapondera ndi phazi, timagwira ndi manja, zaka makumi atatu. Mwaonapo chala chosowa apa?"

Anatambasula zala zonse khumi, makolo n'kuwomba m'manja. A hedi anandiyang'ana ndi diso lakuti ndisachititse manyazi munthu wamkulu pagulu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti chobowolera chopukusa ndi manja chimene anazolowera chimaima munthu akaima, pomwe makina awa sadikira. Ndinkadziwanso kuti ngozi ili pomwe nsonga ikutulukira kuseri, chifukwa ndi pamene imakola lata. Mawu anafika pakhosi. Ndinawameza, n'kubwerera m'mbuyo ndili ndi chopanira m'manja.

Makina analira. Nsonga inalowa bwinobwino, tizitsulo tikugwa, amayi ena atayamba kale nthungululu. Kenaka kunamveka kuti kha! Lata linachoka m'zala zawo n'kuyamba kuzungulira pamodzi ndi nsonga, ngati chikwanje chomwe wina akuchipukusa. Ndinalumpha kukazimitsa, koma linali litazungulira kale kangapo.

Nthungululu ija inathera pakati. A Goodman anaima chilili, akuyang'ana dzanja lawo lamanzere ngati la munthu wina. Kuseri kwa chala chachikulu kunali kutang'ambika mpaka pamkono, mkati mukuoneka zoyera, kenaka magazi anayamba kutuluka. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga.

"Mayo ine! Aphunzitsi, chachitika n'chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinavula malaya, n'kuwakulunga padzanjapo ndi kukanikiza. Tinawanyamula pa galimoto ya wamalonda wina kupita kuchipatala. Kumeneko anasoka, koma anatiuza kuti mtsempha woyendetsa chala waduka, ndipo mwina chalacho sichidzagwiranso ngati kale.

Sichinagwiredi. Patapita mwezi ndinadutsa pamsika, ndinawaona akulimbana ndi kanati kakang'ono, kakugwa m'fumbi katatu, mwini njinga n'kuitenga mwaulemu kupita nayo kwa wina. Anandipatsa moni mwansangala, akuti, "Zinangochitika, aphunzitsi, musadandaule." Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandituka.

Kusukulu aliyense ankati mkuluyo anadzichita yekha ndi makani ake. A hedi ankatero, aphunzitsi anzanga ankatero, ndipo ine ndinayamba kukhulupirira.

Lolemba lina ana akutuluka, Zelifa anatsalira akusesa pansi pa makina aja. Ndinamufunsa za bambo ake, ndikuyembekeza kuti ayankha kuti ali bwino, monga ana amachitira. Anaimika tsache, osandiyang'ana kumaso.

"Aphunzitsi, tsiku lija ine ndinaona kuti sanapane. Tonse tinaona. Ndinkafuna kukuwa, koma mwana sangadzudzule bambo ake anthu ali pomwepo. Ndiye ndinkangoyang'ana inu."

Kenaka anapitiriza.

"Ndinkati a Pana Kaye sangalole. Ine munandilimitsa masiku awiri chifukwa chogwira kachidutswa ka lata ndi dzanja. Nanga bambo anga munawasiyiranji?"

Ndinayang'ana pepala langa lija pakhoma. Mwanayo anadikira pang'ono, kenaka anaweramanso n'kupitiriza kusesa.