Ndakatulo Yotsanzikira a Makiyi

Pa msonkhano wa aphunzitsi wa Lolemba, Achiwiri, otsatira a hedi pa udindo, anandiloza ndi rula. "Madamu, wophunzitsa ndakatulo pano ndinu. A hedi akupuma pa ntchito Lachisanu la sabata yamawa. Tikufuna yowatamanda, yachikale ija, yoti munthu akaimva tsitsi liime."

Onse anawomba m'manja, posangalala kuti mtolo wagwera wina.

A hedi athu tinkawatchula a Makiyi, koma kumbali. Zaka makumi awiri ndi zinayi anayenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno: wa laibulale, wa kabati ya choko, ngakhale wa chimbudzi cha aphunzitsi. Ukafuna choko chatsopano unkayamba wabweza kachidutswa ka chakale. Ine anandikaniza kupita ku ukwati wa mng'ono wanga, ati ukwati ungachitike popanda ine koma mayeso a pakati pa teremu ayi. Munthu wotere umutamanda bwanji?

Mwayi wanga unali woti malemu malume anga anali mlakatuli, ndipo ndinakula ndikuwamva. Iwo ankati ndakatulo yotamanda simanga pa mawu okoma ayi, imamanga pa mayina. Umam'patsa munthu dzina lochokera pa zimene anachitadi, kenako mzere wotsatira umamasula dzinalo. Mzere uliwonse ukwane mpweya umodzi. Mawu otsekera mzere uwu atsegule mzere winawo, kuti womvera asatayike. Uikenso poti anthu aziyankha, chifukwa khamu likangokhala duu limayamba kuganiza za kwawo. Ndipo ankamaliza ndi kuti, "Mphwanga, mlakatuli sanama. Amangosankha mbali yoimirira."

Choncho ndinayenda kutola zintchito za a hedi. Mphunzitsi wa sayansi anandionetsa pa zenera makatoni a zipangizo amene anabwera iye asanakwatire, akadali omata. A mlonda anati, "Lembani kuti tsiku lina ananditsekera kunja kwa geti ine mlonda amene." Mayi wotayipa makalata anangopukusa mutu, nati, "Asembule, madamu. Ana atatu kukomoka, iwo ali pa mfundo yachiwiri."

Pofika Lachinayi ndinali nayo. Inkayamba chonchi:

Chete, chete, akudutsa!
Akudutsa Makiyi, mlira m'chiuno,
M'chiuno momveka mwini asanafike,
Njovu yoponda kamodzi, udzu osadzukanso!
Ndani anasunga mabuku osang'ambika? Ndi iwo!
Ndani anasunga choko chosatha? Ndi iwo!
Ndani mlonda wolondera alonda? Ndi iwo!
Dzuwa losalowa la pa asembule,
Ana kugwa pansi, mawu ali chiimire.
Mukapita, bambo, titsala ndi yani?

Aphunzitsi anzanga ataimva anaseka mpaka wina tiyi anam'tulukira m'mphuno. Koma chimwemwe chinandithera a hedi atandiitana mu ofesi kuti aione kaye. Palibe pepala linkatuluka pa sukulupo osadutsa pa cholembera chawo chofiira.

Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Makiyi," anatero. "Dzina ili mwaliganiza nokha?"

"Linangobwera, bwana."

"Ndi labwino. Koma njovu yokha yachepa, muikemonso mkango. Ndipo funso ili loti titsala ndi yani, mwaliika kamodzi kokha. Libwere pa mapeto a ndime iliyonse, ndipo ana onse azilifuula. Ndime zilipo zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Basi, kasanu ndi kawiri."

Ndinatuluka ndikuwamvera chisoni pang'ono. Munthu kudzinolera yekha mpeni, osadziwa.

Sabata yonseyo ndinailoweza, poti ndakatulo yotere siwerengedwa pa pepala. Ana ndinawaphunzitsa poyankha, ndipo sanavute. Anali asanayankhepo chinthu ndi mtima wonse ngati mmene ankayankhira "Ndi iwo!"

Lachisanu holo inadzaza mpaka makolo ena anaima m'mazenera. Kutsogolo kunakhala a hedi, mayi a kunyumba kwawo, Achiwiri atavala suti yatsopano, ndi bwana wina wa ku ofesi ya maphunziro amene anali atangosamutsidwira kuno, wosadziwa aliyense wa ife.

Ndinayambira kumbuyo kwa holo, ndikuyenda pakati pa mabenchi, mawu m'mwamba. Pa dzina lililonse ndinkaima, kuloza a hedi, kenako kuthamangitsa mizere yomasula mpweya usanandithere. Ndinawatcha Chitseko chosadziwa mlendo. Ndinawatcha Mkango wobangula belu lisanalire. Ndinawatcha Msungi wa zipangizo zosakalamba, ndipo mphunzitsi wa sayansi anabisa nkhope m'chipewa. Makolo ambiri anali ana a sukulu yomweyi kale, choncho ankamva zonse. Holo inagwedezeka. Amayi ena misozi inali chuchuchu ndi kuseka. Ndipo kasanu ndi kawiri ana mazana asanu anakuwa, "Mukapita, bambo, titsala ndi yani?"

Nditamaliza, bwana uja anaimirira akupukuta magalasi.

"Ndayenda m'sukulu zambiri," anatero, mawu akunjenjemera, "koma chikondi chotere sindinachionepo. Makolo kulira! Ana inu mwafunsa funso kasanu ndi kawiri, ndipo kungakhale kuuma mtima kuchoka pano osakuyankhani. Malamulo amalola kum'bwezera pa ntchito mphunzitsi wopuma kwa zaka ziwiri ngati akufunikabe. Ine ndikalemba kalata yopempha zimenezi lero lomwe."

Achiwiri anali atakweza kale manja kuti awombe, ndipo anatsala nawo m'malere. Woyamba kuwomba anali mayi a kunyumba kwa a hedi, ndipo anawomba mwamphamvu ngati munthu amene wapulumuka pa ngozi.

Yankho linabwera patatha masabata atatu, pempho litavomerezedwa. M'chipinda cha aphunzitsi palibe ankandilankhula. Ndikalowa, nkhani inkaduka. Achiwiri ankandipatsa moni wa mphuno. A mlonda okha ndi amene anandiuza maso ndi maso: "Madamu, pakamwa panu pali mphamvu. Tsiku lina mudzayesere kutamanda mvula."

A hedi anandiitananso. Ananditsekulira okha kabati ndi kundipatsa choko chathunthu osafunsa kachidutswa.

"Malume anu ndinawamvapo kawiri ndili mnyamata," anatero. "Anatamanda mkulu wina mpaka mkuluyo anadwala. Musaganize kuti sindidziwa kuti dzuwa losalowa limapsereza mbewu."

"Ndiye bwanji simunaikane ndakatuloyo, bwana?"

"Ndikane chiyani? Munanama pati? Mabuku sanang'ambikedi." Anatseka kabati, nayesa chitseko kawiri. "Ine kunyumba ndikanakatani, madamu? Kuli zitseko zinayi zokha, ndipo makiyi ake amasunga ndi mayi. Nditamva kuti kukubwera bwana wachilendo, ndinadziwa kuti mlendo amamva mawu, samva nkhani."

Ndinafuna kukwiya, koma chimene ndinamva chinali manyazi a munthu amene wagonja pa masewera amene ankati ndi ake.

"Tsopano," anapitiriza, "ntchito yabwino isatayike. Kuyambira Lolemba, ndakatulo ija izinenedwa pa asembule ine ndisanayambe kulankhula. Ndime zonse."

Ndipo zikuterodi. Lolemba lililonse ndimayambira kumbuyo kwa mizere ya ana, dzuwa lili pamutu, kufuula kuti akudutsa. Asembule yatalika ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Aphunzitsi amaima kutsogolo, ndipo a hedi amayang'ana pakamwa pa aliyense kuti aone amene sakuyankha. Achiwiri amayankha mano ali okukuta, koma amayankha.