Chifuwa Chimodzi, Mayina Asanu ndi Limodzi

Zithunzi za ekisire zochokera ku Shurugwi zimandifika pa kompyuta kuno ku Gweru. Galimoto yojambula imazungulira m'migodi ing'onoing'ono ya golide, ine ndi kumawerenga. Eni migodi ena salola munthu kutsika pansi popanda chikalata chonena kuti chifuwa chake chili bwino, ndipo amene amasaina ndine, dokotala Rosina Manson.

Lachisanu masana ndinatseka makatani kuti ndione bwino, ndi kutsegula chithunzi chotsatira. Dzina linali Redson Manson, mlongo wanga wamng'ono. Redi wakhala akuboola miyala zaka khumi ndi zinayi, fumbi lili kobo, ndipo pa Khirisimasi anapumira kawiri pokwera kachitunda ka ku Mkoba. Ndinamukalipira mpaka kutopa, koma iye ndi nkhutukumve.

Ine sindilumpha ndondomeko, ngakhale anzanga amandiseka kuti ndimawerenga chithunzi ngati katekisimu. Dzina, tsiku, chizindikiro cha kumanja. Munthuyo anaima mowongoka, anakoka mpweya mokwanira, nthiti khumi zakumbuyo zikuwerengeka. Njira ya mpweya inali pakatikati, yosakokedwa mbali. Kenako mapapo, kumtunda, pakati, kumunsi, kufananiza kumanja ndi kumanzere. Anali akuda bwino, opanda timadontho toyera ta fumbi la miyala, opanda bowo la TB. Misozi inalengeza, sindibisa. Mtima wa pa chithunzipo sunafike theka la chifuwa m'lifupi. Mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba unali m'malo mwake, ngodya zake zosongoka, zopanda madzi.

Cholembera chinali kale m'manja. Koma mafupa ndinali ndisanaone.

Zaka zitatu zapitazo mwala unamuthyola Redi fupa lopingasa pakati pa khosi ndi phewa lamanzere, ndipo anamuika kachitsulo. Chitsulo pa ekisire chimayera mbee, sichibisala. Apa fupalo linali losalala, lopanda chipsera. Ndinayang'ananso mbali zonse ziwiri.

Ndinamaliza ndi minofu, monga mwa masiku onse. M'khwapa mwa kumanja munali kachidutswa koyera ngati njere ya mpunga, kambenthu ka chitsulo kotsalira m'mnofu. Kanthu kameneka ndinali nditakaonapo. Ndinafufuza zithunzi za miyezi yapitayi mpaka ndinakapeza pa dzina la Elifas, kenako la Sande, kenako ena atatu, ojambulidwa pa migodi yosiyana. Kanjere komweko, nthiti zomwezo, mtima womwewo. Zikalata zonsezo ndinasaina ndine. Chifuwa chimodzi chinali ndanda pa kompyuta, dzina lililonse lachilendo kwa icho.

Ndinamuimbira Redi.

“Iwe, chifuwa ichi ndi cha ndani?”

Ndinkamva mpweya wake ukulira pa foni.

“Ndi cha Tickey, Sisi. Anabwera chaka chatha, amakoka chingwe pamwamba pa mgodi, fumbi silinamudye. Timamupatsa khadi la dzina lathu, iye amakaima pa mashini m'malo mwathu. Ndapota, musakwiye. Ana adya chiyani eni mgodi akandiletsa kutsika?”

“Uchitsiru umenewo! Umuuze Tickey wakoyo abwere kuno.”

“Sangabwere.” Anatsokomola nthawi yaitali. “Anajambulitsa Lachiwiri. Dzulo dzenje la mgodi linagumukira pakamwa pomwe, n'kumutenga. Sitinamutulutsebe. Anyamata akuti mgodi unkafuna mmodzi wa ife, koma unapeza mayina athu onse ali pa iye.”

Zimenezo ine sindikhulupirira. Komabe ndinayang'ana mapapo okongola aja, podziwa kuti ali pansi pa dothi, ndipo ndinachita mantha. Ndinatsegula makatani.

Lolemba Redi anabwera pa minibasi, atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pa mashini, n'kuima pakhomo kuti asandizembe.

Tinakhala awiri kutsogolo kwa kompyuta. Njira ya mpweya inakokedwera kumanja. Kumtunda kwa mapapo onse awiri timadontho tinali waa, ndipo pena tinalumikizana kukhala zibuma zoyera zazikulu ngati mazira a nkhuku. Makhololo tidzayeza, ndipo ngati ili TB mankhwala alipo. Koma fumbi likafika pamenepa silituluka, ngakhale munthu asiye mgodi lero. Ndinapitirizabe mpaka mtima, mafupa ndi minofu, kuti ndichedwetse kumuuza.

Redi sadziwa kuwerenga ekisire. Ankawerenga nkhope yanga.

“Sisi,” anatero motsitsa mawu, “mwina apanso asokoneza. Ndi changadi chimenechi?”

“Ndi chako, Redi.”